Kalembedwe ka Maminitsi Komiti Ikalowetsa Munthu pa Mpando Wotsala

Komiti yosankhidwa kuti igwire ntchito zaka zitatu siifika kumapeto ndi anthu onse amene inayamba nawo. Wina amamwalira, wina amasamuka, wina amatula pansi udindo, ndipo wina amangoleka kubwera kumisonkhano osatsanzika. Mpando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo ukatsala wopanda munthu, bungwe loyendetsa zisankho limachititsa chisankho chapadera m'dera lake. Kalabu ya alimi, kopaletivi, komiti ya mjigo kapena bungwe la amalonda a pamsika silingaitane mamembala onse nthawi iliyonse pamene mpando umodzi watsala. N'chifukwa chake malamulo a mabungwe ambiri amapatsa mamembala a komiti otsalawo mphamvu yotenga munthu wina ndi kumuika pampandopo, podikira msonkhano waukulu.

Munthu wolowa mwanjira imeneyi sanavoteredwe ndi gulu. Anzake onse a m'komiti ali ndi mboni zambirimbiri zimene zinaona tsiku la chisankho, koma iyeyu umboni wake uli m'buku la mlembi basi. Tsiku limene wina adzafunse kuti anamuika ndani munthu ameneyu, ndipo ndi mphamvu yanji, yankho lidzachokera m'maminitsi. Funsoli silibwera zinthu zikuyenda bwino. Limabwera ndalama zikasowa, kapena voti ina ikapambana ndi dzanja limodzi lokha, dzanjalo n'kukhala la wolowayo.

Ntchito ya mlembi imayamba msonkhano usanachitike, ndipo imayambira pa malamulo oyendetsera bungwe. Komiti ilibe mphamvu yodzaza mpando pokhapokha malamulowo atanena choncho. Ngati malamulo angonena kuti mamembala a komiti amasankhidwa ndi msonkhano waukulu, osatchulapo za mpando wotsala, njira yosavuta kuiteteza ndi kuitanitsa msonkhano wapadera wa mamembala onse. Ngati ndime yopereka mphamvuyo ilipo, iyenera kuwerengedwa yonse mpaka kumapeto, chifukwa kawirikawiri imakhala ndi malire. Malamulo ena amati wolowayo akhala mpaka pa msonkhano waukulu wotsatira, ena amati atsiriza nthawi yonse imene inatsalira mnzake uja. Ena amaika chiwerengero, kuti anthu olowetsedwa ndi komiti asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a komiti yonse. Malire amenewa ndi anzeru, pakuti popanda iwo komiti ikhoza kumadzisankha yokha pang'onopang'ono mpaka eni bungwe n'kutsala ongoonerera.

Palinso mipando imene ili ndi eni ake. Mpando wosungidwira amayi, achinyamata kapena mudzi wakutiwakuti uyenera kudzazidwa ndi munthu wa gulu lomwelo. Mpando wa nthumwi ya amfumu kapena ya mpingo sudzazidwa ndi komiti n'komwe: komiti imangolembera amene anatuma nthumwi yoyambayo kuti atumize ina, kenako n'kulemba m'maminitsi kuti kalata yawo yalandiridwa. Ndipo kudzaza mpando kusasokonezedwe ndi kuitana munthu waluso, monga mlangizi wa zaulimi, kuti azikhala nawo pamisonkhano. Mlangizi wotereyu nthawi zambiri savota ndipo sawerengedwa pa chiwerengero cha komiti, pamene wodzaza mpando amakhala membala wathunthu, kupatula ngati malamulo anena zina. Maminitsi azinena poyera kuti munthuyo walowa pa khomo liti mwa awiriwa.

Chinthu choyamba kulembedwa si dzina la wolowa ayi, koma mmene mpandowo unatsalira. Apa ndi pamene mikangano yambiri imabadwira, chifukwa komiti imathamangira kudzaza mpando umene mwini wake sanauchoke. Ngati munthu watula pansi udindo, pakhale kalata, ndipo maminitsi atchule tsiku limene inalembedwa, tsiku limene mlembi anailandira, ndi tsiku limene kutulako kukuyambira. Mawu olankhulidwa mokwiya pakati pa msonkhano, oti "basi ine ndasiya," si kalata. Anthu ambiri amene amatero amabweranso sabata yotsatira mtima utatsika, n'kupeza wina atakhala pamalo pawo. Mlembi wodziwa ntchito amalembera munthu wotere kumupempha kuti atsimikize polemba, ndipo komiti imadikira yankho. Ngati mwini mpando wamwalira, tsiku la imfa lilembedwe, ndipo ndi ulemu kuti nkhani yodzaza mpando isakambidwe maliro asanathe.

Kuchotsa munthu chifukwa cha kujomba kumafuna chisamaliro choposa. Malamulo ambiri amati membala amene wajomba misonkhano itatu yotsatizana popanda kupepesa wataya mpando wake. Mlembi asangolemba kuti "amajomba kwambiri." Alembe masiku a misonkhano itatuyo, ndipo aone m'maminitsi akale ngati dzina la munthuyo lilidi pa mndandanda wa osabwera, osati pa wa opepesa. Aonenso ngati munthuyo ankauzidwa za misonkhanoyo, chifukwa amene sanaitanidwe sanajombe. Kuchotsa munthu pa mlandu, monga wosowetsa ndalama, ndi nkhani inanso: m'mabungwe ambiri amene anasankha ndi amene amachotsa, choncho komiti imangomuimitsa kaye. Mpando wa munthu woimitsidwa sunatsale, ndipo sungadzazidwe.

Kuti zonsezi zioneke bwino, nachi chitsanzo chongopeka cha bungwe la alimi limene lili ndi akaunti ku banki. Komiti yake ndi ya anthu 9, yosankhidwa m'mwezi wa Julayi kwa zaka zitatu. Malamulo ake amati msonkhano wa komiti uitanidwe masiku 7 usanachitike, ndipo kolamu, kutanthauza chiwerengero chochepetsetsa cha mamembala chimene chimalola msonkhano kumanga mfundo, ndi anthu 5. Ndime 12 imati komiti ikhoza kudzaza mpando wotsala ndi membala wolipira bwino zopereka zake, wolowayo akhala mpaka msonkhano waukulu wotsatira, ndipo olowa mwanjira imeneyi asapitirire atatu. M'chaka chachiwiri, msungichuma wapeza ntchito ku Joni ndipo walemba kalata yotula pansi udindo.

Msungichuma akachoka, malo otsala amakhala awiri, osati amodzi: mpando wa umembala wa komiti, ndi udindo wa usungichuma. Alembi ambiri amaphatikiza ziwirizi m'chiganizo chimodzi, ndipo pamenepo amalakwitsa. Ndime yolola komiti kulowetsa membala siikutanthauza kuti wolowayo atenganso buku la ndalama. Komiti ikhoza kupereka usungichuma kwa membala wakale amene akuzidziwa kale zinthu, watsopanoyo n'kukhala membala wamba. Ikhozanso kuupereka kwa watsopanoyo ngati malamulo akulola. Mulimonsemo, mfundozi ndi ziwiri, zimavoteredwa padera ndipo zimalembedwa padera.

Mlembi wa bungweli watumiza uthenga woitana msonkhano pa 12 Febuluwale, msonkhano uli pa 20 Febuluwale, ndipo pa ajenda walembapo momveka kuti "Kudzaza mpando wotsala m'komiti." Nkhani yotere siyenera kubisala pansi pa "zina ndi zina." Membala amene sanabwere chifukwa ankaganiza kuti kukakambidwa za feteleza zokha ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira akamva kuti anzake alowetsa munthu iye kulibe. Tsiku lotumiza uthengawo lilowe m'maminitsi, ngakhale utatumizidwa pa foni.

Patsikulo abwera anthu 6 mwa 8 otsala, mmodzi wapepesa, wina sanabwere. Mayina awiri atchulidwa. Zapezeka kuti mmodzi mwa otchulidwawo ndi mlongo wake wa membala wina wa komiti, ndipo membalayo wanena yekha za ubalewo n'kutuluka panja. M'chipindamo mwatsala anthu 5, kolamu yeniyeni yopanda wotsalira. Apa mlembi ayenera kuwerenganso mitu. Kolamu siiwerengedwa potsegulira msonkhano pokha, iyenera kukhalapo pa nthawi imene voti ikuchitika. Akanatuluka anthu awiri, otsala akanakhala 4, ndipo nkhaniyi ikanayenera kudikira msonkhano wina. Malamulo a mabungwe ena amalola kuti wotuluka chifukwa cha ubale awerengedwebe pa kolamu, koma pamene malamulo sanenapo kanthu, ndi bwino kusamuwerenga. M'mudzi mmene pafupifupi aliyense ndi mbale wa mnzake, komiti imayenera kugwirizaniratu kuti ubale wotulutsa munthu panja ndi uti, mwina mkazi kapena mwamuna, kholo, mwana ndi abale a bere limodzi, kuti muyezo usamasinthe malinga ndi dzina limene latchulidwa.

Maminitsi a gawo limeneli akhoza kuoneka motere, zilembo zitaima m'malo mwa mayina:

> 5. Mpando wotsala m'komiti
>
> 5.1 Mlembi anawerenga kalata ya Bambo A, msungichuma, yolembedwa pa 3 Febuluwale ndi kulandiridwa pa 5 Febuluwale, yotula pansi umembala wa komiti ndi udindo wa usungichuma kuyambira pa 5 Febuluwale. Komiti inavomereza kuti mpandowu watsala. Kalatayi yaikidwa mu fayilo.
>
> 5.2 Wapampando anawerenga Ndime 12 ya malamulo a bungwe. Mlembi anatsimikiza kuti m'komiti mulibe membala wina wolowa kudzera mu ndime imeneyi.
>
> 5.3 Mayina otchulidwa: Mayi B (anatchula ndi Bambo D, anavomereza ndi Mayi E), Bambo C (anatchula ndi Mayi F, anavomereza ndi Bambo G). Mlembi anatsimikiza kuti onse awiri ali m'kaundula wa mamembala, alibe ngongole ya zopereka, ndipo avomera polemba kuti mayina awo atchulidwe.
>
> 5.4 Bambo H ananena kuti Mayi B ndi mlongo wawo, ndipo anatuluka nthawi ya 10:40. Otsala: 5. Kolamu inalipo.
>
> 5.5 Voti yachinsinsi: Mayi B mavoti 3, Bambo C mavoti 2, osavota 0.
>
> 5.6 MFUNDO: Potsata Ndime 12, komiti yalowetsa Mayi B kukhala membala wa komiti, wokhala ndi voti, pa mpando umene anasiya Bambo A, kuyambira lero pa 20 Febuluwale mpaka msonkhano waukulu wa pachaka wotsatira.
>
> 5.7 Bambo H anabwerera nthawi ya 10:55. Mayi B anaitanidwa, anauzidwa za mfundoyi, anavomera, ndipo anakhala nawo pamsonkhano kuyambira pa mutu 6. Opezeka tsopano: 7.

Mzere uliwonse m'menemu ukutseka khomo limene wotsutsa akanalowerapo. Mzere 5.3 ukuonetsa kuti dzina lililonse linali ndi wotchula ndi wovomereza, ndipo onsewo ndi a m'komiti amene analipo. Kuvomera kwa mwini dzina n'kofunika kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa pali chizolowezi chosankha munthu iye kulibe, n'kumutumizira uthenga madzulo kuti "akulowetsani m'komiti." Akakana, maminitsi amakhala atanyamula membala amene kulibe. Ngati munthuyo sanafunsidwe, mfundo ilembedwe kuti umembala wake udzayamba tsiku limene adzavomere polemba, ndipo tsikulo lidzalembedwe pa msonkhano wotsatira. Kwa amene salemba, chidindo cha chala pamaso pa mboni ndi chokwanira.

Mavoti alembedwe ndi manambala, ndipo manambalawo aphatikizidwe: 3 ndi 2 ndi 0 akupanga 5, kufanana ndi anthu amene anali m'chipinda. Mawu oti "onse anagwirizana" ndi abwino pokhapokha dzina linali limodzi ndipo wapampando anafunsadi ngati pali wotsutsa. Kukhala chete kwa anthu pamaso pa wapampando wolemekezeka sikusonyeza nthawi zonse kuti agwirizana, n'chifukwa chake pa nkhani yokhudza munthu voti ya timapepala imaposa ya kukweza manja. Mavoti akafanana, wapampando amaponya voti yachiwiri yothetsa mpikisano ngati malamulo amupatsa mphamvu imeneyo, ndipo maminitsi anene kuti waigwiritsa ntchito. Ngati sanamupatse, palibe wapambana, ndipo votiyo ibwerezedwe kapena nkhaniyo idikire.

Zimene anthu analankhula za otchulidwawo sizilowa m'buku. Kuti wina anati Bambo C amamwa, kapena kuti Mayi B sachedwa kupsa mtima, ndi zotsalira m'chipindamo. Maminitsi amawerengedwa ndi anthu ambiri kwa zaka zambiri, kuphatikizapo eni mayinawo, ndipo mlembi amene walemba miseche akhoza kudzaiyankhira yekha. Chokwanira ndi kunena kuti komiti inakambirana.

Malo amene dzina la wolowayo likulembedwa pa mndandanda wa opezeka ndi kanthu kakang'ono kamene kamagwetsa alembi ambiri. Msonkhano ukutsegulidwa, Mayi B sanali membala wa komiti. Dzina lawo likalembedwa pamwamba pamodzi ndi mamembala ena, woliwerenga adzaganiza kuti anawerengedwa pa kolamu ndipo anadzivotera okha. Lilembedwe padera, pansi pa mndandandawo, ndi mawu oti "analowa pa mutu 6, atalowetsedwa m'komiti pa mfundo 5.6." Pa nthawi yokambirana ndi kuvota, otchulidwa onse akhale panja.

Mawu olemera kwambiri mu mfundo 5.6 ndi a nthawi yoyambira ndi yothera. Komiti ya m'chitsanzochi yatsala ndi chaka ndi miyezi isanu kuti nthawi yake ithe, koma Mayi B alowa kwa miyezi isanu yokha, kuchokera mu Febuluwale mpaka msonkhano waukulu wa mu Julayi, chifukwa ndi zimene Ndime 12 ikunena. Mlembi akangolemba kuti "alowa m'malo mwa Bambo A" osatchula malire, aliyense adzaganiza kuti akhala mpaka komiti yonse idzatuluke. Mlembi atengere mawu a ndimeyo monga alili, asawasinthe pofuna kukometsa chiganizo.

Mutu wotsatira ndi wa usungichuma, ndipo tsopano ovota ndi 7 chifukwa Mayi B ali ndi voti ndipo Bambo H abwerera. Tiyerekeze kuti komiti yasankha Mayi E, membala wakale. Mfundoyo ilembedwe payokha ndi mavoti ake. Pambuyo pake pamabwera kupatsirana katundu, kumene kuyenera kukhala ndi pepala lakelake: buku la ndalama lafika pa tsamba liti, malisiti ogwiritsidwa ntchito athera pa nambala iti, ndalama za m'manja ndi zingati, ku banki kuli zingati malinga ndi sitetimenti ya tsiku liti, makiyi ndi chidindo zaperekedwa kwa yani. Ngati buku likusonyeza K186,500 ya m'manja koma powerenga papezeka K180,000, kusiyana kwa K6,500 kulembedwe pomwepo, wopereka, wolandira ndi mboni n'kusayina. Msungichuma watsopano amene walandira mabuku osawerenga amasenza ngongole ya mnzake.

Mfundo yachitatu ndi ya ku banki. Banki siisintha osayinira akaunti chifukwa wapampando wanena pakamwa. Imafuna mfundo yolembedwa yotchula dzina la akaunti ndi nambala yake, amene akuchotsedwa, amene akuikidwa, ndi kasayinidwe kake, monga kuti asayine awiri mwa atatu. Imafunanso kuti wosayinira watsopano apite yekha ndi chiphaso chake cha unzika. Dzina la m'maminitsi lifanane ndi la pa chiphaso, chilembo ndi chilembo. Mayi amene mudzi wonse umawadziwa ndi dzina la mfunda kapena la amuna awo akhoza kubwezedwa pa kauntala chifukwa chiphaso chawo chili ndi dzina lina, ulendo wonse wa ku boma n'kupita pachabe. Malinga ngati mfundoyi siinafike ku banki, siginecha ya amene anachoka uja ikugwirabe ntchito. Chimodzimodzi ngati bungwe limasunga ndalama pa foni: nambala yachinsinsi isinthidwe, ndipo ngati layini inalembetsedwa m'dzina la wochokayo, ndalamazo zichotsedwemo iye asananyamuke.

Maminitsi amatsimikizidwa pa msonkhano wotsatira, pamene amawerengedwa, kukonzedwa ngati pali cholakwika, ndipo wapampando amasayina ndi kulemba tsiku. Koma banki siingadikire mwezi wathunthu. Njira yake ndi kukopera mfundo zofunikazo pa pepala lapadera, liwu ndi liwu, n'kulemba pansi kuti izi zatengedwa m'maminitsi a msonkhano wa tsiku lakuti, wapampando ndi mlembi n'kusayina ndi kudinda chidindo cha bungwe. Kope lake litsale mu fayilo. Pokonza cholakwika m'buku, mawu olakwikawo adulidwe ndi mzere umodzi woti ziwerengekebe, olondola alembedwe pamwamba, ndipo wapampando asayine m'mbali. Kufufuta, kumata pepala kapena kung'amba tsamba kumachititsa kuti buku lonse likayikiridwe. Buku la hadikava lokhala ndi masamba olembedwa manambala limateteza mlembi kuposa mapepala omasuka.

Kupatula buku la maminitsi, pali malo ena atatu oyenera kukonzedwa sabata yomweyo. Kaundula wa komiti alandire mzere watsopano wotchula dzina, mudzi, tsiku lolowa, nambala ya mfundo, mawu oti "wolowetsedwa ndi komiti," ndi nthawi yothera, pamene mzere wa wochokayo utsekedwe ndi tsiku lochoka, osaufufuta. Wolowayo alandire kalata yomuuza zomwezo pamodzi ndi kope la malamulo a bungwe. Mamembala onse adziwitsidwe kudzera m'njira imene amamvera nkhani za bungwe masiku onse, kuti asadzamve mphekesera.

Mabungwe olembetsedwa ku boma ali ndi udindo winanso kunja. Ku Malawi, makopaletivi amalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998 ndipo amayang'aniridwa ndi ofesi ya mlembi wamkulu wa makopaletivi. Makopaletivi osunga ndi kubwereketsa ndalama ali ndi lamulo lawolawo la 2011 ndipo amayang'aniridwa kuchokera ku banki yaikulu ya dziko. Mipingo ndi mabungwe ambiri othandiza anthu analembetsedwa pansi pa lamulo la matrasiti la 1962. M'mabungwe otere malamulo a dziko ali pamwamba pa malamulo a bungwe, ndipo mlembi afunse ku ofesi imene inawalembetsa kuti kusintha kwa atsogoleri kumakanenedwa motani komanso pa fomu iti. Matrasiti ndi gulu losiyana ndi komiti yoyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo kasankhidwe kawo kamakhala ndi ndime yakeyake.

Kulowetsa kolakwika kumadziwika msanga ngati munthu atsegula buku ndi kulondola masamba. Chizindikiro chofala ndi dzina limene langotulukira pa mndandanda wa opezeka mwezi wina, popanda mfundo iliyonse m'maminitsi a m'mbuyo. China ndi mavoti ochuluka kuposa ovota, kapena kalata yotula pansi udindo yokhala ndi tsiku la pambuyo pa msonkhano umene unadzaza mpandowo. Masiku ano palinso mfundo zomangidwa pa gulu la pa foni, pamene anthu anayi ayankha kuti "zili bwino" ndipo ena onse sanaone n'komwe uthengawo. Ngati malamulo a bungwe salola kumanga mfundo kunja kwa msonkhano, zokambirana zoterozo ndi kufunsana maganizo chabe, ndipo nkhaniyo iyenerabe kudzavoteredwa pamsonkhano weniweni.

Cholakwika chikapezeka, mankhwala ake si kubwerera m'buku ndi kulowetsamo mfundo ya tsiku lakale. Kutero ndi kupeka chikalata, ndipo ndi mlandu woposa cholakwika choyambacho. Komiti iitanitse msonkhano motsata malamulo, ilembe poyera kuti munthuyo wakhala akugwira ntchito kuyambira mwezi wakuti popanda mfundo yomveka, imulowetse tsopano mwadongosolo, iye ali panja. Kenako iyang'ane mfundo zonse zimene zinamangidwa iye alipo. Zimene zikanapambanabe popanda voti yake, kolamu n'kukwanabe osamuwerenga, sizivuta. Zimene zinadalira iye, kaya pa kolamu kaya pa voti, zibwerezedwe, ndipo ngati zikukhudza ndalama zambiri kapena katundu zipite ku msonkhano waukulu.

Gawo lotsiriza limachitika pa msonkhano waukulu wa pachaka. M'chitsanzo chija, mlembi aike pa ajenda ya mu Julayi mutu wonena kuti mpando umene anasiya Bambo A unadzazidwa ndi komiti pa 20 Febuluwale, ndipo tsopano wabwerera kwa mamembala. Mayi B akhoza kupikisana nawo monga wina aliyense. Amene apambane adzakhala chaka chimodzi chotsalacho ndipo adzatuluka pamodzi ndi komiti yonse, ngati malamulo sanena zina. Akapambana Mayi B, kaundula asinthidwe kuchoka pa "wolowetsedwa ndi komiti" kupita pa "wosankhidwa," ndipo malo amodzi mwa atatu a Ndime 12 aja amamasuka. Kumene malamulo amaletsa munthu kukhala m'komiti kupitirira maulendo awiri, msonkhano womwewo unene ngati miyezi yodzaza mpando ikuwerengedwa ngati ulendo, yankho lake n'kulembedwa.

Msonkhano waukulu ukadutsa nkhaniyi osaikamba, nthawi ya wolowetsedwayo imakhala itatha ngakhale palibe amene wazindikira. Kuyambira tsiku limenelo mpandowo watsalanso, ndipo voti iliyonse imene munthuyo aponye m'komiti ikhoza kutsutsidwa.